Pisira Kumutu, Pisira Kumiyendo: Phunziro la Neti ku Mpingu

Munthu akachoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji, amadutsa pa Mpingu, kufupi ndi Chitedze, asanafike pa Msundwe ndi pa Namitete. Kumeneku n'kumtunda, dziko la chimanga, mtedza ndi fodya. Kulibe nyanja ngati kwathu kuno, koma kuli madambo, madimba ndi maenje omwe anthu amasiya akaumba njerwa. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala maenjewa amadzaza madzi, ndipo pofika Januwale mpaka Epulo malungo amakhala atavuta m'midzi, ana ambiri n'kumajomba kusukulu.

Mutafunsa ana a sukulu za kumeneko kuti, "Kodi malungo timawapewa bwanji?" ana onse angayankhe pamodzi mokweza kuti, "Pogona m'neti!" Yankho limeneli alimva pa wailesi, kwa alangizi a zaumoyo ndi kwa aphunzitsi awo. Vuto n'lakuti mwana yemwe wayankha bwino masana ndi yemweyo amagona pamtetete usiku. Kafukufuku yemwe anachitika m'maboma a Blantyre, Thyolo ndi Chikwawa, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza kuti ana a msinkhu wa sukulu ndiwo amapezeka kwambiri ndi tizilombo ta malungo m'magazi mwawo kuposa makanda ndi akuluakulu, komanso ndiwo sagona m'neti kawirikawiri. Ambiri mwa iwo saoneka odwala. Amayenda, amasewera mpira, koma udzudzu ukawaluma umatenga tizilomboto n'kukapatsira mng'ono wawo wa chaka chimodzi yemwe thupi lake silinakhwime.

Choncho mwanayu safunika kuuzidwanso kuti neti ndi yabwino, pakuti zimenezo akuzidziwa kale. Chomwe chikusowa n'chakuti manja ake azolowere ntchito ya usiku uliwonse, ndiponso amvetse chifukwa chake. Apa mpamene timavesi tochita ndi manja komanso mipikisano ya mafunso imathandiza. Phunziro lomwe ndikulongosola pano ndalikonza poganizira kalasi la Sitandade 3 la kudera la Mpingu, la ana okwana 90, mwezi wa Januwale, mphunzitsi ali mmodzi, ali ndi choko, neti imodzi yobwereka ndi mphasa. Mavesiwo ndapeka ndekha, ndipo mphunzitsi aliyense, wa pulayimale kapena wa kumadrasa, akhoza kuwasintha kuti agwirizane ndi kwawo.

Vesi la madzulo

Mphunzitsi amange netiyo pa nthambi za mtengo kapena pa mitanda ya kalasi, ayale mphasa pansi pake. Ana aimirire motalikirana pang'ono, mzere uliwonse wa vesi ukhale ndi chochita chake.

*Dzuwa lalowa, masula neti,*
*Yang'ana pamwamba, yang'ana m'mbali,*
*Bowo lili pati? Bweretsa singano!*
*Werama, lowa, tseka msanga,*
*Pisira kumutu, pisira kumiyendo,*
*Pisira kumanja, pisira kumanzere,*
*Gona pakati, chigongono mkati.*

Pa mzere woyamba ana akweze manja n'kuwatsitsa pang'onopang'ono ngati akumasula mfundo. Pa wachiwiri ndi wachitatu azungulire ali chiyang'anire, kenaka achite ngati akusoka. Pa wachinayi anyonyomale. Pa mizere iwiri ya kupisira awerame kanayi, kutsogolo, kumbuyo ndi mbali zonse ziwiri, zala zikulowa pansi ngati akulowetsa mphepete mwa neti kunsi kwa mphasa. Pomaliza apinde manja pachifuwa.

Mzere uliwonse ukutseka khomo lomwe udzudzu umalowera. Neti yongolendewera, yosapisira, imasiya mpata pansi, ndipo udzudzu ukalowa umakhala watsekeredwa limodzi ndi chakudya chake usiku wonse. Mawu akuti "chigongono mkati" alipo chifukwa udzudzu umaluma kudzera m'timaso ta neti ngati mkono kapena bondo latsamira pamenepo. Ana atatu akapanikizana m'neti ya anthu awiri, wa kumphepete ndiye amalumidwa. N'chifukwa chake vesili lisamangoimbidwa chabe. Likatha, ana awiri alowe m'neti yeniyeniyo anzawo akuwaimbira, ndipo wachitatu akhale "woyendera," azungulire mphasa n'kumakoka neti pang'ono kuti aone pomwe sipanapisidwe. Mphunzitsi adzadabwa kuona kuti ana omwe amaimba mokweza kwambiri ndi omwe amaiwala mbali yomwe alowera.

Tsiku limodzi si ana onse 90 angalowe m'neti. Koma akamatenga magulu atatu a ana atatu tsiku lililonse, mphindi khumi zokha, pakatha masiku khumi a sukulu mwana aliyense adzakhala atagwirako neti ndi manja ake, wina polowa, wina poyendera.

Palinso kavesi ka m'mawa, kakafupi:

*Tambala walira, tuluka bwino,*
*Wina akugona? Mpisirenso!*
*Onse adzuka? Pinda, mangira m'mwamba.*

Mzere wapakatiwo ngwofunika kwa ife. M'makomo mwathu akuluakulu amalawirira kukadali mdima, ena ku swala ya m'bandakucha, ena kunyanja, ena kumunda. Udzudzu wa malungo umakhala usanaweruke nthawi imeneyo. Mayi akatuluka n'kusiya mbali imodzi ya neti ili chitsegukire, khanda lomwe latetezedwa usiku wonse limalumidwa mu ola lomaliza. Kumangira m'mwamba masana kumateteza neti ku makoswe, nkhuku, moto ndi ana osewera.

Masewero a masiku khumi

Gawo ili ndilo ndimalikonda, pakuti limayankha funso lomwe ngakhale akuluakulu ambiri sanaliganizirepo: kodi neti yanga imathandiza bwanji munthu wa nyumba ina?

Kuyambira mu 1897, pomwe dokotala wa ku Mangalande dzina lake Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ali ku India, zadziwika kuti matendawa amayenda ndi udzudzu wamtundu wa anofelesi. Woluma ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Koma udzudzu subadwa ndi malungo. Umawatenga ukaluma munthu yemwe ali ndi tizilombo, ndipo sungapatsire wina tsiku lomwelo. Tizilomboto timayamba takula m'thupi mwa udzudzuwo kwa masiku 10 mpaka 14, malinga ndi kutentha kwa nyengo, kenaka n'kufika m'malovu ake. M'masiku amenewa udzudzu umafuna magazi pakapita masiku awiri kapena atatu alionse. Ndiye kuti uyenera kupita kokasaka munthu katatu kapena kanayi usanakhale woopsa.

Tsono neti ya masiku ano si mpanda wokha ayi. Ulusi wake uli ndi mankhwala opha udzudzu. Munthu wogona mkatimo ali ngati nyambo pa mbedza, asodzi amvetsa msanga. Mpweya womwe amapuma ndi fungo la thupi lake zimakoka udzudzu, umabwera n'kutera pa neti, kawirikawiri pamwamba pake, n'kukhudza mankhwala. Udzudzu wofa pa tsiku lachisanu sudzafika pa tsiku lakhumi loti upatsire munthu.

Pabwalo zimaseweredwa motere. Ana 60 apange "nyumba" 20 za ana atatu: awiri agwirane manja kukhala neti, wachitatu anyonyomale pakati. Ana khumi akhale udzudzu, aliyense atenge tsamba m'manja kusonyeza kuti wangotenga kumene tizilombo. Otsalawo 20 ndi oimba ndi owerenga masiku. Udzudzu uyende utawerama, mutu pansi, mbuyo m'mwamba, chifukwa anofelesi akatera pakhoma amaima chopendekeka chotero, pomwe udzudzu wamba uja wosokosa m'makutu umaima thupi lili chogona. Ana amaseka kwambiri pamenepa, ndipo saiwala. Oimba aziti:

*Ndine mayi udzudzu, ndimayenda usiku,*
*Ndikufuna magazi, mazira akhwime,*
*Limodzi, awiri, atatu, njala!*

Akafuula "njala," udzudzu uliwonse utseke maso, mphunzitsi auzunguze kamodzi, kenaka upite ku nyumba yomwe waloza. Ukapeza manja ogwirana, wafa, ukhale pansi. Ukapeza nyumba yopanda neti, wadya, ndipo upitirire. Vesi libwerezedwe kanayi. Udzudzu womwe wapulumuka maulendo onse anayi ndiwo wafika poti n'kupatsira malungo, ndipo upereke tsamba lake kwa mwana yemwe waluma pomaliza.

Choyamba asewere nyumba zisanu zokha zili ndi neti, khumi ndi zisanu zilibe. Mwa udzudzu khumi, atatu kapena anayi adzafika kumapeto. Kachiwiri atembenuze: nyumba khumi ndi zisanu zikhale ndi neti, zisanu zisakhale nayo. Ulendo uno kawirikawiri sipatsala udzudzu ndi umodzi womwe. Ndiye mphunzitsi afunse ana a m'nyumba zisanu zopanda neti zija kuti, "Inu munalibe neti. Wakupulumutsani ndani?" Asawayankhire. Adikire mpaka mwana wina anene yekha kuti ndi maneti a anzawo.

Apa ndiyenera kuchenjeza aphunzitsi kuti masewerowa akukokomeza. Si udzudzu uliwonse wokhudza neti umafa. M'Malawi muno udzudzu wambiri unayamba kupirira mankhwala omwe ankaikidwa m'maneti akale, ndipo n'chifukwa chake pogawa maneti m'dziko lonse mu 2018 ndi mu 2021 boma linabweretsako mitundu yatsopano, ina yokhala ndi mankhwala owonjezera otchedwa PBO. Ana a makalasi apamwamba akhoza kuuzidwa zimenezi, kenaka n'kusewera kachitatu ndi lamulo loti udzudzu umafa ukakhudza neti kachiwiri. Adzaona okha kuti mankhwala akachepa mphamvu, kusoka mabowo ndi kupisira kumafunika koposa kale.

Mafunso omwe sayankhidwa ndi khamu

Mpikisano wa mafunso umawonongeka ana akamayankhira pamodzi. Asanu odziwa amayamba, ena onse amangotsatira, mphunzitsi n'kumaganiza kuti kalasi lonse lamva. Njira yophweka n'kuuza mwana aliyense atole kamwala. Funso likafunsidwa, manja apite kumbuyo. Yemwe akuti "zoona" afumbate kamwalako m'dzanja lamanja, yemwe akuti "zonama" dzanjalo likhale lopanda kanthu. Mphunzitsi akaomba m'manja, onse atambasule nthawi imodzi. Pamenepo palibe kuonera kwa mnzako.

Poyambira angaponye chilape kuti ana atenthedwe: "Chilape!" "Nachize!" "Nyumba yanga ili ndi mawindo osawerengeka, koma mlendo woimba salowamo." Akatchula neti, alowe m'mafunso enieni. Mafunsowo asakhale ambiri. Asanu pa tsiku akwana, malinga lililonse likutsatiridwa ndi lina loti, "Chifukwa chiyani?"

Limodzi likhale lakuti, "Kudya mango osapsa kapena kunyowa ndi mvula kumayambitsa malungo." Ana ambiri adzafumbata mwala, chifukwa ndi zomwe amamva kwa agogo awo. Mphunzitsi asanyoze agogowo. Iwo anaona bwino ndithu kuti malungo amabwera nyengo imodzi ndi mango ndi mvula. Chomwe sanaone n'chakuti mvula yomweyo ndiyo yadzaza maenje a njerwa ndi mapondedwe a ng'ombe, momwe mazira a udzudzu amasanduka udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndi kuti munthu amayamba kumva kutentha thupi patapita sabata kapena kuposerapo chilumidwireni. Wanyowa Lachiwiri, wadwala Lachitatu, koma udzudzu unamuluma sabata yatha.

Lina likhale lakuti, "Mu Juni ndi mu Okutobala neti ikhoza kupuma chifukwa udzudzu sukumveka." Ku Mpingu funsoli n'lofunika kwambiri, popeza nyengo yozizira ikafika udzudzu umachepadi, ndipo mu Okutobala kutentha kumapangitsa anthu kugona pakhonde. Koma pali mtundu wina wa anofelesi, wotchedwa funesitasi, womwe umaswana m'madzi okhalitsa a m'madambo ndi m'mabango, ndipo umakhalapo ngakhale m'chilimwe. Kwathu kunyanja, komwe n'kotentha ndipo madzi saphwa, malungo alibe tchuthi.

Funso la nsikidzi lisasiyidwe, chifukwa ndilo lachititsa mabanja ena kuchotsa maneti. Neti sibereka nsikidzi. Nsikidzi zimakhala kale m'ming'alu ya khoma, m'mphasa ndi m'bedi. Mankhwala a neti yatsopano amazisokoneza n'kuyamba kuyendayenda poonekera, ndipo pa neti yoyera zimaoneka msanga. N'zoona kuti zambiri sizifa ndi mankhwalawo. Mwana yemwe akudandaula za nsikidzi asatsutsidwe ngati wonama. Auzidwe kuti chofunika n'kuthira madzi owira pa bedi, kuyanika mphasa ndi zofunda padzuwa ndi kumata ming'alu, neti ikhale pomwepo.

Za kasamalidwe ka neti zimalowa bwino m'mafunso osankha. Neti yatsopano iyanikidwe pamthunzi kwa tsiku lathunthu isanagonedwe, kuti isayabwe kumaso. Ichapidwe ikada kwenikweni, osati sabata iliyonse, ndi sopo wamtanda m'beseni, osaimenya pamwala, ndipo iume pamthunzi chifukwa dzuwa limapha mankhwala. Maneti a masiku ano anapangidwa kuti apirire kuchapa pafupifupi ka 20 ndi kugwira ntchito zaka zitatu. Makolo omwe amakumbukira maneti a Chitetezo, omwe bungwe la PSI linayamba kugulitsa ku Blantyre mu 1998, adzakumbukiranso kuti ankafunika kuwanyika m'mankhwala a M'bwezera Chitetezo nthawi ndi nthawi. Ogawidwa masiku anowa safuna kunyika. Madzi ochapira neti asatayidwe m'nyanja kapena mumtsinje, pakuti mankhwala ake ndi oopsa kwa nsomba.

Pamenepa mpomwe nkhani ya kumtunda ikukumana ndi yathu. Ku Lilongwe neti imapezeka itatchinga mbewu za m'dimba kapena anapiye. Kwathu imapezeka m'madzi, ikukokolola tiana ta nsomba tomwe tikadadzakhala chambo ndi usipa wa chaka chamawa, ngakhale malamulo a usodzi amaletsa zimenezi. Sindikuganiza kuti mphunzitsi afunse ana kuti, "Ndani bambo ake amaphera nsomba neti?" Funso lotero limangochititsa mwana manyazi pa chinthu chomwe alibe nacho mphamvu, ndipo mawa lake kholo limabwera kusukulu litakwiya. Bwino afunse kuti, "Neti ikakhala kudoko usiku, ndani wagona pamtetete?" Ana awerenge okha.

Ndipo funso lomaliza tsiku lililonse likhale limodzimodzi: "Mwana wogona m'neti sangadwale malungo." Yankho ndi "zonama." Akhoza kulumidwa madzulo ali panja kumvera nthano kapena kuonera kanema pa sitolo. Thupi likatentha ayezedwe magazi kuchipatala lisanathe tsiku, ndipo akapatsidwa LA, mankhwala omwe dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa Fansida, amalize kumwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu ngakhale atayamba kupeza bwino. Katemera wa malungo, yemwe anayambira ku Mitundu m'boma lomweli la Lilongwe mu Epulo 2019, ndi wa ana aang'ono oyambira miyezi isanu, ndipo salowa m'malo mwa neti.

Chitini cha chimanga

Kodi mphunzitsi adziwa bwanji kuti zonsezi zafika kunyumba? Akafunsa kuti, "Wagona m'neti dzulo akweze dzanja," manja onse adzakwera, chifukwa palibe mwana wofuna kuoneka wosauka kapena wosamvera. M'malo mwake aike zitini ziwiri kuseri kwa chitseko, chimodzi chojambulidwa neti, china chopanda chithunzi. Mwana aliyense polowa m'kalasi aponye njere imodzi ya chimanga m'chitini chomwe chikunena zoona za usiku wathawo, popanda womuona. Achite zimenezi phunziro lisanayambe, kenaka abwereze pakatha mwezi.

Tiyerekeze kuti poyamba njere 40 zili m'chitini cha neti, 50 m'chinacho, ndipo pakutha mwezi zakhala 55 ndi 35. Ana 15 asintha. Nanga 35 otsalawo? Kuwonjezera mavesi sikuwathandiza, chifukwa ambiri a iwo vesi amalidziwa bwino lomwe. Alibe neti yoti alowemo.

Chifukwa chake chimaoneka tikawerengera banja limodzi. Pogawa maneti muyeso umakhala neti imodzi kwa anthu awiri. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lilandira maneti atatu. Bambo, mayi ndi khanda agona m'neti imodzi. Agogo atenga yachiwiri. Mtsikana wa zaka 13 sangagone ndi mlongo wake wa zaka 10, ndiye atenga yachitatu. Mnyamata uja amayala mphasa pabalaza kapena kukhitchini, pomwe neti iyenera kumangidwa madzulo alionse n'kumasulidwa m'mawa, ndipo palibe msomali woikolekapo. Anthu ndi asanu ndi mmodzi, maneti atatu, koma malo ogona ndi anayi. Palibe yemwe walakwa. Amayi oyembekezera ndi makanda ayenera kutsogola chifukwa malungo amawapha msanga, ndipo n'chifukwa chake amalandiranso neti kusikelo. Koma wotsala nthawi zonse amakhala mwana wa sukulu yemweyo.

Choncho ntchito yokachitira kunyumba ikhale ya masamu. Mwana akawerenge anthu, malo ogona ndi maneti omwe ali chimangire, alembe manambala atatuwo m'kope popanda maina. Makolo, mwana akabwera ndi kope lotere musaganize kuti aphunzitsi akufufuza za m'nyumba mwanu. Khalani naye pansi muwerengere limodzi. M'nyumba zina mudzapezeka neti yatsopano ili m'pepala lake m'sutikesi, ikudikira mlendo kapena kudikira kuti yakale ithe. M'nyumba zina muli yakale ya mabowo asanu yomwe singano, ulusi ndi kachigamba ka chitenje zingaibwezere pa ntchito madzulo amodzi. Pabalaza pakufunika misomali inayi ndi zingwe zinayi zosamasula, kuti mnyamatayo azingokoleka ndi kukolola yekha osadzutsa munthu. Ngati msuweni wake wa nyumba yoyandikana nayenso amagona yekha, awiriwo akhoza kugona m'neti imodzi. Ndipo pomwe palibiretu neti, nambala ya ana otsala mphunzitsi aipereke kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndi ku komiti ya sukulu, kalembera wa maneti asanafike m'mudzi.